Kufunsa za chinsinsi pogwiritsa ntchito khobidi: kuyerekeza njira za mayankho a mayere

Wochita kafukufuku akafika m'mudzi woyandikana ndi nkhalango yotetezedwa n'kufunsa munthu kuti, "Kodi munatcherako msampha m'nkhalangomu chaka chathachi?", yankho limene adzalandire likudziwika asanamalize funsolo. Wotchera misampha adzakana chifukwa akuopa kumangidwa, ndipo amene sanatcherepo adzakananso chifukwa akunena zoona, kotero kuti pepala lidzadzaza ndi "ayi" amene sakusiyanitsa anthu awiriwa. Mu 1965 katswiri wa ziwerengero Stanley Warner anapereka njira yothetsera vutoli. Woyankha amayamba wachita mayere payekha, wofunsa osaona, ndipo mayerewo ndi amene amalamula mmene ayankhire. Wofunsa akamva "inde" sangadziwe ngati ndi kuvomera mlandu kapena ndi mayere chabe, koma popeza mwayi wa mayerewo ndi wodziwika, mayankho a gulu lonse akaphatikizidwa amaonetsa kuchuluka kwa anthu amene anachitadi chinthucho.

Kuchokera pa ganizo limeneli patuluka njira zingapo, ndipo amene akukonza kafukufuku ayenera kusankhapo imodzi. Ine ndikuona kuti ambiri amasankha poyang'ana masamu okha, pamene njira zambiri masamu ake ndi ofanana kapena oyandikana. Kusiyana kwenikweni kuli pa funso lina: kodi njirayo ikusiya yankho limene munthu wamantha angathawireko? Kuti tiyerekeze bwino, titenge chitsanzo chimodzi chongopeka ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto. Tifunsa anthu 1,000, ndipo tinene kuti mwa iwo 200, kapena kuti 20 peresenti, anatcheradi msampha. Khobidi lathu likhale ndalama yachitsulo ya K10 imene ili ndi njovu mbali imodzi ndi chizindikiro cha dziko mbali inayo.

Khobidi limodzi, "inde" wokakamiza

Njira yosavuta kuposa zonse ndi iyi. Woyankha aponya khobidi mobisa, mwina m'kapu kapena atatembenuka. Likagwa njovu ili pamwamba, anene kuti "inde" mosaganizira zimene anachita. Likagwa chizindikiro chili pamwamba, anene zoona. Njira zokakamiza yankho motere zinafotokozedwa ndi Robert Boruch mu 1971.

Mwa anthu 1,000, pafupifupi 500 adzaona njovu ndipo onsewo adzati "inde". Mwa 500 otsalawo, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi otchera misampha, choncho 100 adzati "inde" wochokera pansi pa mtima. Wofufuza adzawerenga ma "inde" 600, adzachotsa 500 a khobidi, ndipo 100 otsalawo adzawagawa ndi 500, n'kupeza 20 peresenti. Tikalemba gawo la oyankha "inde" ngati λ ndi gawo la otchera misampha ngati π, lamulo lake ndi π = 2λ − 1.

Chinsinsichi chili ndi mtengo wake. Khobidi siligwa njovu ka 500 ndendende, ndipo kusinthasintha kwa mayere kumalowa m'chiwerengero chomaliza. Anthu 1,000 akanafunsidwa mwachindunji n'kunena zoona onse, chiwerengero chikanaphonya ndi mapointi pafupifupi 2.5 uku kapena uku, pa muyeso wozolowereka wa 95 peresenti, ndiye kuti ka 95 mwa ka 100 kuphonyako sikukanapitirira pamenepo. Ndi khobidi limodzi kuphonyako kumafika pa mapointi 6, kutanthauza kuti tinganene kokha kuti otchera ali pakati pa 14 ndi 26 peresenti. Kuti tibwerere pa mapointi 2.5 tiyenera kufunsa anthu pafupifupi 6,000.

Komabe vuto lalikulu la njirayi si mtengowo. Taonani kuti wotchera misampha wotsata malangizo a khobidi sanganene "ayi" ngakhale khobidi ligwe bwanji, chifukwa njovu ikumuuza kuti avomere ndipo chizindikiro chikumuuza kuti anene zoona, zimene ndi kuvomeranso. Choncho "ayi" amayeretsa munthu kotheratu, pamene "inde" amamusiya ndi kachikaiko: mwa oyankha "inde" 600 aja, 200 ndi otchera, ndiye kuti mmodzi mwa atatu alionse. Mayi wokalamba amene sanalowepo m'nkhalangomo akaona njovu amaganiza kuti, ndivomere bwanji mlandu umene sindinapalamule pamaso pa mlendo wonyamula mapepala? Ambiri otere amangoti "ayi". Edgell, Himmelfarb ndi Duchan anayesa zimenezi mu 1982 pokonza mayere m'njira yoti iwo ankadziwa chimene aliyense walamulidwa kunena, ndipo pa funso lochititsa manyazi kwambiri pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi anakana kunena "inde" wokakamizidwayo.

Tione zimene kukana kotere kumachita pa chitsanzo chathu. Osalakwa alipo 800, ndipo 400 mwa iwo adzaona njovu. Ngati mmodzi yekha mwa khumi alionse akana kuvomera, ma "inde" 40 asowa, otsala ndi 560, ndipo lamulo lija likutipatsa 12 peresenti m'malo mwa 20. Palibe wotchera misampha amene wanama, koma chiwerengero chatsika ndi mapointi 8 chifukwa cha anthu osalakwa amene anangofuna kuteteza mbiri yawo.

Kuponya kawiri

Njira yachiwiri ikufuna kutseka pothawira paja. Kuponya koyamba kukagwa njovu, munthu anene zoona. Kukagwa chizindikiro, aponyenso, ndipo pa kuponya kwachiwiri njovu ndi "inde", chizindikiro ndi "ayi". Apa theka la anthu likunena zoona, gawo limodzi mwa anayi likukakamizidwa kuvomera, ndipo gawo lina limodzi mwa anayi likukakamizidwa kukana. Ndi bwino kuuza aliyense kuti aponye kawiri ngakhale kuponya koyamba kwagwa njovu, chifukwa wofunsa akamva khobidi lalira kamodzi kokha adziwa kuti yankho likubweralo ndi loona, ndipo chinsinsi chonse chathera pomwepo.

Ma "inde" tsopano adzakhala 350: 250 a khobidi ndi 100 a anthu onena zoona. Lamulo ndi π = 2λ − 0.5, ndipo 2 × 0.35 − 0.5 ikupereka 0.20. Kuphonya kwake kuli pafupi ndi mapointi 6, chimodzimodzi ndi njira yoyamba, choncho pa masamu sitinapindule kapena kutaya kanthu. Chasintha ndi tanthauzo la mayankho. Wotchera misampha amati "inde" katatu mwa kanayi, pamene wosalakwa amatero kamodzi mwa kanayi. Mwa oyankha "inde" 350, otchera ndi 150 ndipo osalakwa ndi 200, komanso mwa oyankha "ayi" 650 muli otchera 50. Palibe yankho limene likutsimikizira kanthu, ndipo wofunsa angathe kuuza anthu zimenezi mosabisa. Kuponya kawiri kumeneku ndi kumene akatswiri a makompyuta amakonda kupereka ngati chitsanzo pophunzitsa za kuteteza chinsinsi cha munthu m'ziwerengero, ndipo kampani ya Google inamanga pa ganizo lomweli njira yake yosonkhanitsira ziwerengero mwachinsinsi yotchedwa RAPPOR mu 2014.

Tisadzinamize kuti pothawira patsekeka kotheratu, popeza "ayi" akadali yankho lozizirirapo kuposa "inde" ndipo wamantha adzapendekerabe komweko. Kuwonjezera apo, malangizo atalika, ndipo malangizo akatalika anthu ena amasokonezeka pa kuponya kwachiwiri.

Mayere a Warner mwini

Warner sanakakamize munthu kunena chimene sanachite. Iye anapereka ziganizo ziwiri zotsutsana, monga "Ndinatchera msampha" ndi "Sindinatchere msampha", ndipo mayere amasankha chiganizo chimene munthu ayankhe kuti "zoona" kapena "zabodza". Aliyense amanena zoona nthawi zonse, kungoti wofunsa sadziwa chiganizo chimene chikuyankhidwa. Kwa munthu amene chikumbumtima chake sichilola kunena bodza ngakhale la mayere, uwu ndi ubwino waukulu.

Pano pali msampha wa wofufuza mwini. Njira ya Warner siyenda ndi khobidi limodzi. Lamulo lake ndi π = (λ + p − 1) / (2p − 1), pamene p ndi mwayi woti chiganizo choyamba chisankhidwe. Khobidi limodzi limapereka p = 0.5, ndipo pansi pa mzere pamakhala ziro. Popanda masamu tingazione chonchi: ngati theka la anthu likuyankha chiganizo choyamba ndipo theka lina chachiwiri, oyankha "zoona" adzakhala theka la gulu, kaya otchera alipo ochuluka kapena palibe ndi mmodzi yemwe. Mayankho onse 1,000 adzakhala opanda ntchito. Warner anagwiritsa ntchito kamuvi kozungulira kamene kamaima mbali imodzi kawirikawiri kuposa inayo. Ndi makobidi tingaponye kawiri n'kunena kuti chiganizo chachiwiri chiyankhidwe pokhapokha njovu zatuluka ziwiri, zimene zikupereka p = 0.75. Oyankha "zoona" adzakhala 350, ndipo kuphonya ndi chitetezo zidzafanana ndendende ndi njira yoponya kawiri ija.

Kufooka kwake kuli m'chinenero. Wotchera misampha amene wagwa pa chiganizo chakuti "Sindinatchere msampha" ayenera kuyankha kuti "zabodza", ndiye kuti kukana chokana, ndipo pakamwa zimenezi zimapotoka msanga. M'Chichewa munthu akamva "simunatchere?" angathe kuyankha "inde" kutanthauza kuti sanatchere, kapena "ayi" kutanthauza zomwezo, malinga ndi mmene walimvera funsolo. Amene asankha njirayi apewe "inde" ndi "ayi" kotheratu ndipo ayeseretu mawu ake ndi anthu a m'deralo.

Funso lopanda vuto

Mu 1967 Horvitz, Shah ndi Simmons anapereka ganizo loti chiganizo chachiwiri chisakhale chokhudza mlandu n'komwe, ndipo Greenberg ndi anzake analikulitsa mu 1969. Khobidi likagwa njovu munthu ayankha za msampha, likagwa chizindikiro ayankha funso losaopsa limene chiwerengero chake chikudziwika kale, monga lakuti, "Kodi mayi anu anabadwa mu Januwale kapena Febuluwale?" Njirayi inagwiritsidwa ntchito msanga poyeza kuchuluka kwa amayi ochotsa mimba m'mizinda ya ku North Carolina ku America, zotsatira zake zinatuluka mu 1970. Inagwiritsidwanso ntchito pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa masewera othamanga ndi kulumpha ku Daegu ku South Korea mu 2011, kumene Ulrich ndi anzake anapeza kuti ochita masewera oposa 40 peresenti anagwiritsapo ntchito mankhwala kapena njira zoletsedwa m'chaka chapitacho, chiwerengero choposa kutali chimene kuyeza magazi ndi mkodzo kumapeza.

Funso la miyezi iwiri limavomeredwa ndi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Pa chitsanzo chathu ma "inde" adzakhala pafupifupi 183, ndiye kuti 100 a msampha ndi 83 a mwezi wobadwa, ndipo kuphonya kudzatsika kufika pa mapointi pafupifupi 5. Phindu limeneli lalipidwa ndi chitetezo cha woyankha, chifukwa mwa oyankha "inde" pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi otchera misampha. Funso losaopsalo likakhala la theka ndi theka, tabwereranso ku masamu a kuponya kawiri. Umu ndi mmene zilili m'njira zonsezi: chimene chawonjezeka pa kulondola chachotsedwa pa chinsinsi.

Kumidzi ya kwathu njirayi ili ndi chopinga chapadera. Anthu ambiri, makamaka achikulire, sadziwa mwezi umene mayi awo anabadwa, ndipo amene sadziwa adzangoti "ayi", zimene zimatsitsa chiwerengero mwakachetechete. Kufunsa za nambala yomaliza ya foni nakonso kuli ndi vuto, popeza ena alibe foni ndipo ena nambala yawo wofunsa wailemba kale pamwamba pa pepala. Funso losaopsa liyenera kukhala lodziwika kwa woyankha, lobisika kwa wofunsa, ndiponso chiwerengero chake m'gululo chikhale chodziwika. Mafunso okwaniritsa zitatu zonsezi ndi osowa.

Kupingasa mafunso popanda khobidi

Mu 2008 Yu, Tian ndi Tang anafotokoza njira imene siifuna kuponya kanthu. Munthu amapatsidwa mafunso awiri nthawi imodzi, la msampha ndi losaopsa, ndipo amangonena ngati mayankho ake awiri ali "ofanana" kapena "osiyana". Masamu ake ndi a Warner, koma ubwino wake ndi wakuti palibe yankho looneka loyera, choncho wamantha alibe kothawira kodziwikiratu.

Kumene kulibe pothawira, wosokonezeka amangolota. Anthu olota amagawanika theka ndi theka, ndipo m'masamu a njirayi amawerengedwa ngati gulu limene theka lake ndi olakwa. Ngati mmodzi mwa khumi alota, 20 peresenti yathu imakwera kufika pa 23, ndipo chinthu chimene palibe anachichitapo chimaoneka ngati chinachitidwa ndi 5 peresenti. Höglinger ndi Diekmann anaonetsa zimenezi mu 2017 pofunsa za zinthu zimene pafupifupi palibe munthu ali nazo, ndipo njira yopingasa inapezabe "ovomera". Phunziroli limakhudza chizolowezi chakale choganiza kuti njira imene yapeza chiwerengero chachikulu ndiyo yapeza zoona. Chiwerengero chingakule chifukwa anthu amasuka, koma chingakulenso chifukwa sanamve malangizo.

Kuzindikira kuti zalakwika

Chizindikiro choonekeratu ndi chiwerengero chotsika kuposa ziro. Ngati m'njira ya khobidi limodzi oyankha "inde" ali 440 okha mwa 1,000, lamulo likupereka −12 peresenti, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti anthu ambiri sanatsate khobidi. Choopsa ndi pamene chiwerengero chikuoneka chomveka, ngati 12 peresenti ija, chifukwa palibe chokayikitsa pa maonekedwe ake.

Clark ndi Desharnais anapereka mu 1998 njira yogwirira vutoli, ndipo ndi yoyenera kuimvetsa. Oyankha amagawidwa mwa mayere m'magulu awiri okhala ndi mwayi wosiyana wa "inde" wokakamiza, mwachitsanzo theka m'gulu loyamba ndi gawo limodzi mwa anayi m'gulu lachiwiri. Pa chitsanzo chathu, pamene 8 peresenti ya anthu onse amangoti "ayi" zivute zitani, gulu loyamba lidzapereka 56 peresenti ya ma "inde" ndipo lachiwiri 38 peresenti. Kusiyana kwa mapointi 18 kukuchokera kwa osalakwa omvera malangizo okha, chifukwa otchera amavomera m'magulu onse ndipo okana amakana m'magulu onse. Popeza mwayi wasiyana ndi gawo limodzi mwa anayi, tichulukitse 18 ndi 4 n'kupeza kuti osalakwa omvera ndi 72 peresenti. Theka la 72 ndi 36, ndipo 56 kuchotsa 36 ikusiya 20 peresenti ya otchera ovomera. Otsala 8 peresenti ndi osamvera, ndipo masamu sangatiuze ngati iwo ndi osalakwa amanyazi kapena otchera obisala. Chimene wofufuza angalembe moona mtima ndi chakuti otchera ali pakati pa 20 ndi 28 peresenti, kuwonjezera pa kuphonya kwa mayere, kumene pano kwakula chifukwa gulu lagawidwa pawiri.

Njira yotsika mtengo ndi kuika pakati pa mafunso limodzi limene yankho lake lenileni likudziwika, kaya ndi ziro kapena chiwerengero china chodziwika, n'kuona ngati njirayo yalibweza molondola. Asanayambe mafunso enieni, wofunsa asinthane malo ndi woyankha: iye aponye khobidi mobisa, ayankhe funso losaopsa, kenako afunse kuti, "Bambo, mwadziwa ngati ndanena zoona kapena ndi khobidi?" Munthu akadzionera yekha kuti sangadziwe, amakhulupirira kuposa mmene akanachitira atangomva kufotokoza.

Kusankha

Choyamba ndi kuona ngati mayere akufunika n'komwe. Chinthu chikakhala chosowa kwambiri, njirazi sizithandiza: pa 2 peresenti, kuponya kawiri ndi anthu 1,000 kumaphonya ndi mapointi oposa 5, kuphonya koposa chinthu chimene tikuyeza. Funso likakhala longochititsa manyazi pang'ono, pepala lopanda dzina loponyedwa m'bokosi lotseka limapereka chiwerengero cholondolerapo pa mtengo wochepa, ndipo osadziwa kulemba angathe kuchonga pa chithunzi. Palinso njira ya mndandanda, imene munthu amangotchula kuchuluka kwa zinthu zimene anachitapo mwa zinayi kapena zisanu, koma nayo imafuna anthu ambiri. Mayere amayenera pamene chinthucho ndi chofala ndithu, kuvomera kwake kuli ndi chilango chenicheni, ndipo wofunsa ayenera kuonana ndi woyankha maso ndi maso.

Zikatero, khobidi limodzi lokakamiza "inde" ndingaligwiritse ntchito pophunzitsa m'kalasi, kapena m'magulu awiri monga a Clark ndi Desharnais, koma osati lokha. Njira ya Warner ndi yopingasa ndingazisungire anthu owerenga okha malangizo, ndipo nthawi zonse pakhale funso loyesera la ziro. Pofunsa pakamwa m'mudzi ndingasankhe kukakamiza kwa mbali zonse ziwiri. Ngati anthu ofunsidwa ali ochepa, madayisi awiri amaposa khobidi chifukwa amalola gawo la onena zoona kukula. St John ndi anzake, pofunsa alimi a ku Limpopo ku South Africa za kupha nyama zolusa, analamula kuti madontho akakwana 2, 3 kapena 4 munthu ati "inde", akakwana 11 kapena 12 ati "ayi", ndipo kuyambira 5 mpaka 10 anene zoona; zotsatira zimene zinatuluka mu 2012 zinaonetsa kuti pafupifupi mlimi mmodzi mwa asanu anaphapo kambuku m'chaka chimodzi. Mwa magweredwe 36 a madayisi awiri, 27 amagwa pakati pa 5 ndi 10, choncho atatu mwa anayi amanena zoona, ndipo pa chitsanzo chathu kuphonya kumatsika kufika pa mapointi pafupifupi 4.

Madayisi ali ndi mbiri ya juga, ndipo kwa opemphera ena kuponya chinthu kuti chilamule mawu a munthu kumafanana ndi kuombeza maula. Kumene maganizo amenewa ali olimba, thumba la nyemba za mitundu itatu limagwira ntchito yomweyo: zoyera 27 za kunena zoona, zofiira 6 za "inde" ndi zakuda 3 za "ayi", zonse za kukula kofanana kuti chala chisazisiyanitse. Woyankha atola imodzi osayang'ana m'thumba, aiona yekha m'chikhatho, aibweza, n'kugwedeza thumbalo asanayankhe, ndipo wofunsa awerengenso nyembazo m'mawa uliwonse, chifukwa ziwiri zofiira zikatayika mwayi wa "inde" wasintha pamene lamulo lowerengera likadali lakale.